Msonkhano wa makolo pa za kujomba: yambani ndi kaundula, mayina asiyeni

Kuno ku Kasungu ana amajomba kwambiri teremu yachiwiri. Kuyambira Januwale mpaka Malichi mvula imakhala ili pakati, chimanga chatha m'nyumba, fodya akuthyoledwa ndi kusokedwa. Mphunzitsi wamkulu akaitana makolo nthawi imeneyi, ambiri amabwera atakonzeka kudzakalipiridwa, ndipo kholo lotere silitsegula pakamwa.

Ntchito imayamba msonkhano usanafike. Tengani kaundula wa masabata anayi apitawo, muwerenge ojomba potsata tsiku komanso mudzi. Tiyerekeze kuti Sitandade 5 ili ndi ana 80: masiku ena amajomba 15, koma tsiku la msika amajomba 30, ndipo ochedwa ambiri ndi a kutsidya kwa dambo. Pamenepo mwapeza mavuto awiri osiyana, ndipo aliyense mankhwala ake ndi akeake.

Amfumu ndi apampando a komiti ya sukulu akatsegula, inu lankhulani mwachidule, mphindi zisanu zokha: "Makolo athu, tsiku la msika ana 30 mwa 80 sabwera. Ife timangoona mipata m'kalasi, chifukwa chake mukuchidziwa ndinu. Tithandizeni." Dzina la mwana musatchule pagulu. Mayi amene mwamuchititsa manyazi pamaso pa anzake sadzapondanso pasukulu.

Mukafunsa, khalani chete. Aphunzitsife chete amatiyabwa, timathamangira kudziyankha tokha. Dikirani ndithu. Poti amayi ambiri salankhula momasuka pamaso pa mafumu ndi amuna awo, gawani anthu: abambo pansi pa mtengo, amayi m'kalasi pamodzi ndi gulu la amayi oyang'anira atsikana. Uko ndiko mumamva kuti mtsikana sabwera masiku amene ali kumwezi chifukwa chimbudzi chilibe chitseko, kapena kuti ndiye amalera khanda mayi akapita kuganyu.

Wina adzanena kuti, "Aphunzitsi anuwo nawonso amafika dzuwa litakwera." Musadziteteze. Lembani, muwerenge mokweza zomwe mwalembazo, mufunse ngati mwamva bwino. Funsaninso kuti mwana akachedwa amakumana ndi chiyani pasukulu. Nthawi zambiri mupeza kuti wochedwa amapatsidwa khasu kapena chikwakwa mpaka phunziro loyamba kutha, ndiye mawa lake akaona kuti nthawi yamuthera amabisala m'chimanga mpaka anzake aweruke. Kwawo amadziwa kuti ali kusukulu. Kujomba kumeneko tapanga ndife.

Musabalalike ndi mawu oti "tiyesetsa". Gwirizanani zinthu ziwiri kapena zitatu, chilichonse chikhale ndi mwini wake: sukulu izilola wochedwa kulowa m'kalasi kaye, makolo a kutsidya azisinthana kuwolotsa ana madzi akachepa, kusoka fodya kuzidikira ana aweruke. Makolo a ana ojomba kwambiri kawirikawiri samabwera kumsonkhano, choncho amfumu ndi akomiti akawayendere kwawo sabata yomweyo. Pakatha mwezi werengani kaundula uja kachiwiri, mudzauze makolo ngati 30 uja watsika.