Kutaya ma 9 kumagwira zolakwa zina, koma sikutsimikiza kuti yankho ndi loona

"Tayesa ndi naini, zagwirizana, ndiye kuti buku lili bwino." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo kawirikawiri ndimaitanidwa kukaona mabuku a magulu a banki mkhonde, makomiti a kutchalitchi ndi timagolosale. Kulikonse kumene wina anaphunzirako njira yotaya ma 9, ndimapeza anthu akuikhulupirira mopitirira muyeso. Njirayo ndi yabwino ndipo inenso ndimaigwiritsa ntchito. Koma ikakana yankho imanena zoona nthawi zonse, pamene ikavomera sinanene kuti yankho lakhoza. Yangonena kuti siinaone cholakwa. Amene sakumvetsa kusiyana kumeneku asaigwiritse ntchito pa ndalama za anthu.

Kwa amene simunaionepo, imayenda chonchi. Tinene kuti mwaphatikiza ndalama zinayi izi: K4,750, K12,300, K8,640 ndi K6,285, ndipo mwapeza K31,975. Kaphatikizidwe kake sindifotokoza, munaphunzira kupulayimale. Tsopano tengani nambala iliyonse payokha, muphatikize madijiti ake mpaka patsale dijiti imodzi. Mu 4,750 muli 4, 7, 5 ndi 0, zomwe zikupanga 16, ndipo 1 ndi 6 ndi 7. Mu 12,300 mukutuluka 6. Mu 8,640 mukutuluka 18, ndipo 1 ndi 8 ndi 9. Naini ameneyo mutaye, muwerenge ngati ziro. Mu 6,285 mukutuluka 21, kutanthauza 3. Zotsalazi muziphatikizenso: 7, 6, 0 ndi 3 ndi 16, ndiye kuti 7. Mukatero chitani zomwezo ndi yankho lanu. Madijiti a 31,975 akupanga 25, ndipo 2 ndi 5 ndi 7. Uku 7, uku 7, zagwirizana.

Ozolowera sachedwa ndi kuphatikiza zonse. Akaona 9 amangomudumpha, akaona madijiti awiri opanga 9 amawadumphanso. Mu 4,750, 4 ndi 5 achoka, watsala 7. Mwana wa sitandade 5 atha kuchita zimenezi pamtima.

Palibe matsenga apa. 10 ndi 9 kuwonjezera 1, 100 ndi 99 kuwonjezera 1, 1,000 ndi 999 kuwonjezera 1. Choncho mukagawa 700 ndi 9 patsala 7, mukagawa 4,000 ndi 9 patsala 4. Kuphatikiza madijiti ndi njira yachidule chabe yopezera chotsala mukagawa nambala yonse ndi 9. Ngati yankho ndi loona, chotsala chake chiyenera kufanana ndi chotsala cha manambala amene munaphatikizawo. Ndi njira yakalekale. Akatswiri a masamu a ku India ndi Aluya ankaidziwa zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo Fibonacci wa ku Italy anaifotokoza m'buku lake la masamu la mu 1202, amalonda akuwerengera pamanja.

Chimene imagwira bwino ndi cholakwa chofala kwambiri chija, kuiwala wani amene munasunga. Pa chitsanzo chathuchi, mzere wachiwiri kuchokera kumanja ukupereka 17: mulemba 7, musunga 1. Mukamuiwala waniyo mupeza K31,875. Madijiti a yankho limeneli akupanga 24, kutanthauza 6, pamene mumayembekezera 7. Apa musatsutsane nazo. Penapake palakwika, kaya pophatikiza kaya poyesa penipenipo, ndipo muyenera kubwereza. Imathandizanso amene mumawerengera pa foni, chifukwa chala chikaphonya n'kudina 5 m'malo mwa 6, zotsala zochokera papepala sizigwirizana ndi yankho la pa foni.

Tsopano mabowo ake, amene ophunzitsa ambiri sawatchula.

Njirayi ndi yakhungu pa cholakwa chilichonse chimene kukula kwake kumagawika ndi 9, ndipo tsoka lake ndi loti zolakwa za anthu olemba ndalama zambiri ndi za mtundu womwewo. Lembani K31,795 m'malo mwa K31,975. Madijiti ndi omwewo, angosinthana malo, ndiye chotsala ndi 7 yemweyo. Mayeso avomera, K180 yasowa. Kusinthanitsa madijiti kulikonse kumadutsa, chifukwa pophatikiza madijiti malo awo sawerengedwa.

Ziro naye saoneka. K8,640, K864 ndi K86,400 zonse zimapereka chotsala chimodzi. Ndiye ngati mwalemba nambala mopendama, madijiti ake n'kugwera m'mizere yolakwika, kapena mwawonjezera ziro mmodzi pakati pa ma ziro ambiri amene ndalama zathu za kwacha zili nawo masiku ano, mayeso sakuuzani kanthu. Mukalemba 9 pamene panayenera kukhala 0, chimodzimodzi. Ndipo taonaninso K8,640 uja. Chotsala chake ndi ziro, ndiye mutaudumpha mzere wake wonse pophatikiza, yankho lanu loperewera lidutsabe. Zomwezo zichitika ndi K4,500, K9,000, K2,700 kapena K18,000, ndalama zimene anthu amaponya m'gulu sabata ndi sabata. Ngakhale munthu atangolemba yankho lam'mutu, zotsala zomwe zingatuluke ndi zisanu ndi zinayi zokha, choncho pafupifupi yankho limodzi mwa asanu ndi anayi aliwonse olakwika limadutsa mwamwayi.

Pali nkhani imene imandiwawabe. Gulu lina la amayi a banki mkhonde linandiitana nthawi yogawana ndalama itayandikira, chifukwa m'bokosi munkaperewera K18,000 poyerekeza ndi buku. Pomwe ndinkafika n'kuti mlandu atagamula kale m'mitima mwawo. Msungichuma, mayi wachikulire amene bokosi linkagona m'nyumba mwake, anali atasiya kubwera kumisonkhano, ndipo mwana wake anali atayamba kufunsa wogula mbuzi kuti abweze ndalama zimene mayi ake sanadye. Wapampando anandiuza motsimikiza kuti, "Bambo, buku lilibe vuto. Alembi athu amayesa ndi naini tsamba lililonse."

Zinalidi choncho. Pansi pa tsamba lililonse panali timanambala tiwiri togwirizana. Koma pa tsamba lina la miyezi ingapo m'mbuyomo, ndalama za tsikulo zinali K24,500 ndipo mlembi analemba K42,500. Anaphatikiza bwino, dzanja ndi limene linatembenuza 2 ndi 4 polemba. Atayesa, 2, 4 ndi 5 zinapanga 11, ndipo 4, 2 ndi 5 zinapanganso 11. Iye anakhutira, n'kupititsa nambala yolakwikayo patsamba lotsatira, ndipo inayenda m'buku lonse mpaka kumapeto.

Mlembiyo sindimuda, anachita zimene anaphunzitsidwa. Amene ndimakwiya naye ndi munthu amene anawaphunzitsa theka la njirayi n'kuwasiya akukhulupirira kuti ali ndi chidindo. Aphunzitsi otere alipo, ena amalipiritsa ndithu, ndipo amaionetsa ngati chinsinsi chodziwira yankho lolondola m'kanthawi kochepa. Wina akamakuphunzitsani, mufunseni kuti, "Nanga ndi cholakwa chiti chimene njirayi siigwira?" Akasowa choyankha, musamupatse buku lanu. Msungichuma uja anthu anamupepesa, koma ukomiti anaukana mpaka lero, ndipo ine sindinganene kuti analakwa kukana.

Chowawitsa mtima ndi choti K18,000 yomweyo inkaloza kumene kunali vuto. Owerengera ndalama tili ndi chizolowezi ichi: buku ndi ndalama zikasiyana, yambani mwagawa kusiyanako ndi 9. Kukagawika popanda chotsala, musanaloze munthu chala, kafufuzeni madijiti osinthana malo kapena ziro wosochera. K18,000 kugawa ndi 9 ndi 2,000. Zimenezi zikukuuzani kuti mufunefune madijiti awiri oyandikana, osiyana ndi 2, pamalo a masauzande ndi dijiti ya kumanzere kwake. Ndi mmene ndinapezera 24 ndi 42 uja osawerenganso buku lonse. Sikuti kusiyana kulikonse kogawika ndi 9 ndi kusinthana kwa madijiti, wakuba athanso kutenga K18,000. Koma kufufuza kumeneku n'kwa mphindi zochepa, pamene mbiri ya munthu ikaipa siibwerera msanga.

Ena amandifunsa za njira yotaya ma 11. Ilipo, ndipo imagwira madijiti oyandikana akasinthana malo. Mumayambira kumanja, dijiti yoyamba kuphatikiza, yachiwiri kuchotsera, yachitatu kuphatikiza, mpaka kumapeto. Mukatero 31,975 ikupatsani 9 pamene 31,795 ikupatsani 5, ndiye kusiyana kuja kwaonekera. Koma anthu ambiri imawasokoneza yankho likatsika pansi pa ziro, ndipo mayeso amene inu mumalakwitsa poyesa alibe phindu. Kwa alembi a m'magulu ndimakonda zinthu ziwiri zosavuta. Choyamba, yang'anani kukula kwa yankho: 5, 12, 9 ndi 6 sauzande zikupanga pafupifupi 32 sauzande, ndiye K31,975 ndi yomveka, pamene K13,975 kapena K23,335 yodumpha mzere ija siingakhale. Mlembi uja akanangoyang'ana chonchi akanaona kuti tsiku limenelo anthu sanaponye ndalama zofika K42,500. Chachiwiri, phatikizaninso kuchokera pansi kukwera m'mwamba, makamaka achite munthu wina, chifukwa amene walakwitsa potsika amakonda kulakwitsa pomwepo akatsikanso.

Ndipo palibe mayeso a masamu amene angagwire nambala imene inalowa m'buku ili yolakwika kale. Ngati membala anapereka K5,400 inu n'kulemba K4,500, kuphatikiza kwanu kukhala kolondola, naini avomera, leveni avomera, koma buku likunama. Mankhwala ake ndi kuwerenga ndalama zenizeni pamaso pa anthu ndi kuzifananiza ndi tsamba la tsiku lomwelo, bokosi lisanakhomedwe. Musadikire mwezi wogawana. Pa tsiku lomwelo tsamba ndi limodzi ndipo aliyense akukumbukira zimene waponya. Pakatha miyezi, masamba achuluka, anthu aiwala, ndipo maso onse amapita kwa amene amasunga bokosi.