R500 pamwezi idzakwana zingati mwana akamalowa Giredi 8?

Tiyerekeze kuti mwana wanu akuyamba Giredi 3 mu Januwale kuno ku Joni, ndipo mukufuna kumusungira fizi ya kusekondale. Kuchokera pamenepo mpaka Disembala wa Giredi 7 pali miyezi 60. Mukuika R500 kumapeto kwa mwezi uliwonse, mu akaunti yopereka chiwongoladzanja cha 6 peresenti pachaka, chowerengedwa mwezi ndi mwezi. Nambala ya 6 ndi yongophunzirira. Ya akaunti yanu mukafunse kubanki.

Chiwongoladzanja cha mwezi uno chimasakanikirana ndi ndalama zanu, ndipo mwezi wamawa nachonso chimabereka. Koma R500 iliyonse ili ndi nthawi yakeyake. Yoyamba imabereka kwa miyezi 59, pamene yomaliza imalowa tsiku lomwe mukutseka, osapindula kanthu. Kuti musawerengere iliyonse payokha, pali njira yachidule:

```
FV = P × ((1 + i)^n − 1) ÷ i
```

FV ndi ndalama zonse zimene mudzakhale nazo pamapeto, P ndi ndalama ya pamwezi, n ndi kuchuluka kwa miyezi, i ndi chiwongoladzanja cha mwezi umodzi. Gawani 0.06 ndi 12, mupeza 0.005. Pa kakyuleta ya mufoni, 1.005^60, kutanthauza kuchulukitsa ma 1.005 okwana 60, ikupatsani 1.34885. Chotsanipo 1, zotsalazo mugawe ndi 0.005, mupeza 69.77. Mukachulukitsa ndi 500 zikwana R34 885. Za m'thumba mwanu ndi R30 000, ndipo R4 885 ndiyo phindu. Ngati mumaika kumayambiriro kwa mwezi, chulukitsaninso ndi 1.005, zikhala R35 059.

Ambiri amaphonya pa i. Amalemba 0.06 osagawa ndi 12, yankho n'kutuluka loposa R266 000. Mukaona ndalama za zaka zisanu zachuluka pafupifupi kasanu ndi kanayi, dziwani kuti mwapereka chiwongoladzanja cha chaka chonse kwa mwezi uliwonse. Cholakwa china n'chovutirapo kuchizindikira chifukwa yankho lake limaoneka lomveka: kuchulukitsa R30 000 yonse ndi 1.34885 n'kupeza R40 466, ngati kuti ndalama zonse munaika tsiku loyamba.

Chimene njirayi siikuuzani ndi choti fizi nayonso imakwera. Ngati sukulu imene mwaikonda ikulipiritsa R30 000 pachaka lero, ndipo tiyerekeze kuti izikwera ndi 6 peresenti chaka chilichonse, pakutha zaka zisanu idzafika pa R40 147. Apa R34 885 ija yaperewera, ndipo tikunena za Giredi 8 yokha, yunifolomu ndi mabuku osawerengera. Ndiye ndi bwino kuyambira ku ndalama imene mukuifuna n'kubwerera m'mbuyo: gawani R40 147 ndi 69.77 uja, mupeza kuti muyenera kumaika pafupifupi R576 pamwezi, osadumphitsa ngakhale mwezi wa Disembala, umene ndalama zambiri zimathera pa ulendo wa kumudzi.