Gasi akafutukuka, ndi katundu amene wasenza amene amalamula kukula kwa ntchito

Tengani silinda yokhala ndi pisitoni yoyenda bwinobwino popanda kukhulana ndi makoma. M'kati muli molo imodzi ya gasi pa tempericha ya 300 K, wopanikizidwa pa pulesha ya 10 bar. Silindayo yamizidwa m'thanki lalikulu la madzi amenenso ali pa 300 K, kotero kuti gasi akayamba kuzizira, madzi amamubwezera kutentha. Tikufuna kuti gasiyu afutukuke mpaka pulesha yake itsike kufika pa 1 bar. Adzagwira ntchito yochuluka bwanji pokankha pisitoni?

Funsoli lilibe yankho limodzi. Poyambira ndi potsirizira pakhoza kukhala pomwepo, koma ntchito n'kukhala 2245 J, kapena 5743 J, kapena nambala ina iliyonse yosapitirira 5743 J, malinga ndi mmene tamumasulira gasiyo. Ophunzira ambiri amapunthwa pomwepa, chifukwa anazolowera kuti ukadziwa poyambira ndi pothera, nkhani yatha.

Gasi amene tikunena ndi gasi wangwiro, amene tizigawo take sitikokana ndipo tokha sititenga malo oti n'kuwawerengera. Amatsata lamulo la `PV = nRT`, pamene P ndi pulesha, V ndi voliyumu, n ndi chiwerengero cha mamolo, T ndi tempericha, ndipo R ndi 8.314 J/(mol·K). Kwa ife `nRT` ndi 2494 J, ndipo popeza tempericha sikusintha, nambala imeneyi ikhala yomweyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndiye kuti pa 10 bar gasi akudzaza malita 2.49, ndipo pa 1 bar adzadzaza malita 24.9. Pulesha ikatsika kakhumi, voliyumu imakula kakhumi, monga Robert Boyle anaonetsera mu 1662.

Tsopano tiyang'ane chimene chikupanikiza gasiyo. Mpweya wakunja ukukanikiza pisitoni ndi 1 bar. Pamwamba pa pisitoni taikapo zitsulo zisanu ndi zinayi, chilichonse chikuwonjezera 1 bar. Zonse pamodzi ndi 10 bar, ndipo pisitoni yangokhala chete.

Njira yoyamba ndi yachidule: chotsani zitsulo zonse nthawi imodzi. Pisitoni imadumpha, n'kunjenjemera pang'ono, kenako n'kukhazikika pamene gasi wafika pa malita 24.9 ndipo madzi amubwezera pa 300 K. Pa ulendo wonsewo, chimene gasi wakankha ndi mpweya wakunja wokha, wa 1 bar. Ntchito yake ndi pulesha yakunja kuchulukitsa ndi voliyumu imene yawonjezeka:

`W = P_ext × (V2 − V1)`

Voliyumu yawonjezeka ndi malita 22.45. Lita imodzi kuchulukitsa ndi 1 bar ndi 100 J, choncho ntchito ndi 2245 J.

Onani kuti 10 bar ija siinalowe m'masamuwa ngati mphamvu yokankhira. Gasi anali ndi kuthekera kokankha katundu wolemera kakhumi, koma tinamupatsa wopepuka. Ntchito imayezedwa ndi zimene zasintha kunja, ndiye kuti chimene chanyamulidwa komanso mtunda umene chakwera. Munthu wamphamvu zosenza thumba lodzaza akapatsidwa thumba lopanda kanthu, ntchito imene wagwira ndi ya thumba lopanda kanthulo basi. Zitsulo zija zatsala pansi pomwe tinazichotsera, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chakwera.

Bwererani poyambira, koma ulendo uno chotsani zitsulo zisanu zokha. Pulesha yakunja ikhala 5 bar, ndipo gasi afutukuka kuchoka pa malita 2.49 kufika pa malita 4.99 atasenza zitsulo zinayi zotsalazo. Ntchito ya gawo limeneli ndi 1247 J. Kenako chotsani zinayizo, gasi amalize ulendo wake akukankha 1 bar, kuchoka pa malita 4.99 kufika pa 24.9, zomwe zikupereka 1995 J. Kuphatikiza, 3242 J. Pothera ndi pomwe paja, koma tapindula pafupifupi 1000 J, ndipo phindulo likuoneka ndi maso: zitsulo zinayi zili pamalo okwera kuposa pomwe zinali.

Mukamachotsa chitsulo chimodzichimodzi, n'kumadikira kuti pisitoni ikhazikike musanachotse china, magawo asanu ndi anayiwo amapereka 4811 J. Mukasintha zitsulozo n'kuikapo mchenga wolemera mofanana, n'kumachotsa kanjere kamodzikamodzi, pulesha yakunja imakhala yocheperako pang'onong'ono chabe kuposa ya gasi pa mphindi iliyonse. Apa gasi sakupuma, nthawi zonse wasenza katundu yense amene angathe. Popeza pulesha ya gasi ndi `nRT/V`, kuphatikiza tintchito tonse ting'onoting'ono kumapereka

`W = nRT ln(V2/V1)`

ndipo 2494 J kuchulukitsa ndi `ln 10`, yomwe ndi 2.303, ndi 5743 J. Apa ndiye pamapeto. Palibe njira yofutukulira gasiyu pa 300 K pakati pa malo awiriwa imene ingapose pamenepa, chifukwa mukaika katundu woposa pulesha ya gasi, pisitoni imatsika m'malo mokwera.

Njira ya mchengayi ndi imene timaitcha yobwezeka. Tanthauzo lake si lakuti gasi angathe kubwezeredwa m'malita 2.49, poti zimenezo zimatheka pa njira iliyonse. Tanthauzo lake n'lakuti zonse, gasi pamodzi ndi zomuzungulira, zingabwerere mmene zinalili popanda kulipira kanthu. Kanjere kalikonse kanachotsedwa pa msinkhu wake, ndipo mukamatibwezera pa pisitoni motsatana kuyambira komaliza, gasi amatsika modutsa m'mapazi ake omwe, ntchito yomupanikiza n'kukhala 5743 J yomwe ija. Yerekezani ndi njira yachidule. Pisitoni ili pamwamba, zitsulo zili pansi. Muyenera kuzinyamula nokha, ndipo mukaziunjika zonse nthawi imodzi, 10 bar ikukankha malita 22.45, ndiye kuti gasi wapanikizidwa ndi ntchito ya pafupifupi 22450 J. Munalandira 2245 J popita, pobwera palowa kakhumi. Kusiyanako kwathera m'thanki la madzi ngati kutentha.

Nanga mphamvu yogwirira ntchito yonseyi ikuchokera kuti? Ambiri amayankha kuti ikuchokera m'gasi wopanikizidwayo, ngati kuti ndi sipuling'i. Kwa gasi wangwiro si choncho. Mphamvu yake yam'kati imadalira tempericha yokha, ndipo tempericha poyamba ndi pomaliza ndi 300 K, choncho kusintha kwa mphamvu yam'katiyo ndi ziro, `ΔU = 0`. James Joule anayesa zoterezi mu 1845 polola mpweya wopanikizidwa kuthamangira m'chotengera chopanda kanthu, zonse zili m'madzi, ndipo sanaone tempericha ya madziwo ikusintha. Kufutukuka kotero ndi kumene kuli pansi penipeni pa mndandanda wathu, chifukwa pulesha yakunja ndi ziro ndipo ntchito nayonso ndi ziro. Popeza mphamvu yam'kati sisintha, ntchito iliyonse imene gasi wagwira yalipiridwa ndi kutentha kochokera m'madzi: 5743 J pa njira yobwezeka, 2245 J pa yachidule. Gasi wangokhala podutsira.

Ndiye 3498 J yosiyanitsa njira ziwirizi sinasowe. Ikadali m'thanki, sinatengedwe n'komwe. Chimene chatayika ndi mwayi woisandutsa ntchito, popeza gasi wafutukuka kale. Akatswiri amayeza kutayikaku ndi entiropi. Entiropi ya gasi imakwera ndi `nR ln 10`, yomwe ndi 19.14 J/K, pa njira zonse ziwiri. Entiropi imene madzi amataya ndi kutentha kotuluka m'madziwo kugawa ndi 300 K. Madzi amataya 19.14 J/K pa njira yobwezeka, ndiye zimafafanizana, koma pa yachidule amataya 7.48 J/K yokha. Yotsalayo, 11.66 J/K, mukaichulukitsa ndi 300 K mupeza 3498 J yomweyo. Ine ndimakonda kuwerengera mbali zonse ziwiri chonchi, chifukwa zikapanda kugwirizana ndiye kuti penapake masamu apotoka.

Pali kanthu kamene mabuku ambiri amangokadumpha. Pa njira yachidule, kunena kuti tempericha sikusintha n'kongonena za poyambira ndi pothera. Pamene pisitoni ikudumpha, gasi amazizira kwakanthawi, ndipo pulesha yake sifanana ponseponse m'silinda: pafupi ndi pisitoni imakhala yotsika kuposa pansi. Pa nthawi imeneyo palibe P imodzi yoti muike mu `PV = nRT`. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito pulesha yakunja, yomwe ndi yokhayo yodziwika. Woika `nRT/V` pa kufutukuka kwadzidzidzi wayankha funso lina, la njira yobwezeka.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati yankho lasokonekera. Gasi akafutukuka kamodzi mpaka kufanana ndi pulesha yakunja, ntchito ingalembedwenso kuti `nRT(1 − P2/P1)`, ndipo nambala imeneyi singapose `nRT`, ngakhale mutayambira pa pulesha yokwera chotani. Pa molo imodzi pa 300 K, malire ndi 2494 J. Kuyambira pa 100 bar m'malo mwa 10 kumangokweza ntchito kufika pa 2469 J, pamene njira yobwezeka imafika pa 11486 J. Ndiponso ntchito ya gasi pa njira yosabwezeka ikaposa ya yobwezeka, palakwika penapake. Kawirikawiri vuto limakhala batani: kudina `log` m'malo mwa `ln` pa kakyuleta kumapereka 2494 J pa chitsanzo chathu, nambala yooneka yabwinobwino koma yolakwika. Kuika 27 m'malo mwa 300, poiwala kuti T iyenera kukhala mu K, kumachepetsa yankho kupitirira kakhumi.

Za chizindikiro musavutike nazo kwambiri. Mabuku ambiri a kemisitiri amalemba `w = −P_ext ΔV`, chifukwa amawerenga ntchito yogwiridwa pa gasi, pamene mainjiniya kawirikawiri amawerenga ntchito yogwiridwa ndi gasi, monga tachitira pano. Kukula kwa nambala n'komweko.

Njira yobwezeka yeniyeni palibe makina amene amaifika. Kuti kutentha kulowe m'gasi, madzi ayenera kukhala otentherako kuposa gasiyo, ndipo kusiyanako kukamachepa, kulowako kumachedwa. Pisitoni yeniyeni imakhulananso ndi makoma. Komabe 5743 J ndi muyeso woona, wofanana ndi umene Sadi Carnot anagwiritsa ntchito mu 1824 poganizira za injini yabwino koposa: makina ofutukula molo ya gasi kuchoka pa 10 bar kufika pa 1 bar pa 300 K akapereka 4000 J, tikudziwa kuti atenga pafupifupi magawo 70 pa 100 a zimene zinali zotheka. Gasi weniweni monga nayitirojeni amatsata masamuwa bwino ndithu pa mapulesha a chitsanzo chathu. Pulesha ikakwera kwambiri, kapena gasi akayandikira kusanduka wamadzimadzi, tizigawo timayamba kukokana moonekera, `ΔU` sikhalanso ziro, ndipo kutentha kolowa sikufanananso ndi ntchito yotuluka.