Sitetimenti ya ku banki ndi kashibuku zasiyana pang'ono: mafunso ndi mayankho

Ndatseka mwezi, koma kashibuku yaposa banki ndi K2,960. Ndiyambire pati?

Yambirani pa mwezi watha. Onani ngati ndalama yomwe mwatsegulira kashibuku ndi yomweyo munatsekera, ndipo sitetimenti nayonso muione chimodzimodzi. Kenako tengani pepala lomwe munayanjanitsira mabuku mwezi wathawo, muone macheke ndi madipoziti omwe anali asanafike ku banki. Chilichonse mwa izi chikuyenera kuoneka pa sitetimenti yatsopano ndi ndalama yake yomweyo, apo ayi chilowenso pa mndandanda wa mwezi uno. Ambiri amalumpha sitepe imeneyi n'kutha tsiku lonse akusaka m'mwezi womwe mulibe vuto.

Mukakhutira ndi poyambira, tengani pensulo ndi rula, muchonge mzere ndi mzere. Yendani kuchokera pa sitetimenti kupita ku kashibuku, chifukwa banki imalemba zinthu zomwe inu simunazidziwe: ndalama yomwe imadula posunga akaunti, yodula mukatumiza ndalama, chiwongoladzanja ndi msonkho wake, kapena kasitomala amene wadipozita osakuuzani. Pochonga muziwerenga manambala onse mpaka matambala, osangoona kuti akufanana kumayambiriro.

Ndasaka K2,960 m'mabuku onse awiri, palibe. Ndiye yachokera kuti?

Kawirikawiri kusiyana kochepa kumabadwa ndi zolakwika ziwiri kapena zitatu zomwe zikukokerana mbali zosiyana, n'chifukwa chake nambalayo simungaipeze italembedwa penapake.

Tiyerekeze kuti sitetimenti yatseka pa K2,731,840. Pali cheke cha K310,000 chomwe munapereka koma mwini wake sanakasinthe, ndiye timachotsa. Palinso K65,000 yomwe munakaika ku banki madzulo a tsiku lomaliza la mwezi n'kuoneka pa sitetimenti ya mwezi wotsatira, iyi timaphatikiza. Zikutipatsa K2,486,840. Kashibuku ikunena K2,489,800, ndipo apa ndi pomwe pakuchokera K2,960 ija.

Pochonga mwapeza kuti banki inadula K3,500 yomwe simunalembe. Mukailemba, kashibuku itsika kufika pa K2,486,300. Tsopano zatembenuka: banki ndiyo yaposa, ndi K540. Ena akaona izi amaganiza kuti aononga n'kufufuta zomwe alemba. Musafufute. K3,500 ija ndi yoona, ili pa sitetimenti, ndipo inkangophimba cholakwika china chomwe tsopano chaonekera poyera. Lamulo lake n'loti muyambe mwalemba zonse zomwe mwazitsimikizira, kenako muyese nambala yotsalayo.

Ndiiyese bwanji?

Igaweni ndi 9. Ikagawika popanda chotsala, ganizirani kuti manambala awiri anasinthana malo polemba. K540 kugawa ndi 9 ndi 60, ndipo 60 ameneyu akukuuzani zinthu ziwiri. Nambala 6 ikutanthauza kuti manambala omwe asinthanawo amasiyana ndi 6, monga 2 ndi 8, 1 ndi 7 kapena 3 ndi 9. Ziro mmodziyo akusonyeza kuti kusinthanako kwachitika pa malo a makumi ndi a mahandiredi. Choncho simuwerenganso chilichonse, mungoyang'ana mizere yokhala ndi manambala otere pa malo amenewo. M'chitsanzo chathu, vaucha yogulira mapepala ndi inki ikunena K48,280, banki inalipiranso K48,280, koma mu kashibuku munalowa K48,820. Zolipira zinakwera ndi K540, n'chifukwa chake buku linatsika. Mukakonza, mbali zonse zikumana pa K2,486,840.

Kuiwala ziro kapena kuonjezera ziro nakonso kumagawika ndi 9: K600 yolembedwa ngati K60 imasiyanso K540. Ndiye musaiwale kuyang'ana ndalama zing'onozing'ono zoterezi. Dziwaninso kuti mwa manambala 9 alionse, imodzi imagawika ndi 9 mwa iyo yokha, choncho mayesowa amangokulozerani koyang'ana. Umboni ndi vaucha, risiti kapena chitsa cha cheke.

Mayeso achiwiri ndi kugawa ndi 2. Ndalama ikalembedwa mbali yolakwika, kusiyana kumakhala kowirikiza. Ngati wogulitsa katundu wakubwezerani K7,250 inu n'kuilemba kumbali ya zolipira, mabuku asiyana ndi K14,500. Sakani theka lake.

Nanga zikasiyana ndi matambala okha?

Ngati kashibuku yanu ili mu Excel, yambani kukayikira pomwepo. Selo ikhoza kuonetsa 1,250.33 pomwe mkati mwake muli 1,250.3333, makamaka pomwe mwawerengera msonkho kapena mwasintha ndalama yakunja. Tizidutswa timeneti tikachuluka timabala tambala imodzi kapena ziwiri. Mankhwala ake ndi kuzungulitsa pa mzere uliwonse:

```
=ROUND(A1,2)
```

Muli pomwepo, onani ngati `SUM` yafika pa mzere womaliza, ndiponso ngati palibe nambala yomwe yalowa ngati mawu. Yotereyi nthawi zambiri imatsamira kumanzere kwa selo ndipo `SUM` imangoidumpha.

Makasitomala ena amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba ife n'kutumiza ku banki. Zingasokoneze?

Kwambiri. Risiti imalembedwa ndalama yonse, koma potumiza pamakhala chodula, ndipo nthawi zina malipiro a anthu angapo amafika ku banki ngati ndalama imodzi. Njira yabwino ndi kuipatsa foniyo danga lakelake m'buku, ngati akaunti yapayokha, n'kuiyanjanitsa ndi sitetimenti yake. Kashibuku ya banki ilandire zokhazo zomwe zafikadi ku banki, chodulacho chilembedwe ngati ndalama yogwiritsidwa ntchito.

Ikakhala banki ndiyo yalakwitsa?

Kashibuku musaikhudze. Ikani ndalamayo pa pepala loyanjanitsira ngati cholakwika cha banki, lembani kalata ku nthambi yanu pamodzi ndi kope ya silipi yodindidwa, ndipo ikhale pa pepalapo kufikira atabweza. Cheke chomwe chatha miyezi 6 osakasinthidwa banki sichilandiranso, ndiye chibwezereni mu kashibuku ndipo mwini wake akhalenso pa mndandanda wa omwe muli nawo ngongole.

Ndi ndalama yochepa. Sindingangoilemba kuti "zina ndi zina" n'kutseka?

Ine ndimakana, ndipo chifukwa chake mwachiona kale: K2,960 ija inali K3,500 ndi K540. Ikanathanso kukhala K500,000 yolandira yosalembedwa ndi K502,960 yolipira yosalembedwa. Kuchepa kwa nambala yotsala sikukuuzani kukula kwa zomwe zabisala pansi pake.

Palinso nkhani ya kukhulupirika, yomwe imawawa kuinena m'mabungwe ang'onoang'ono ndi m'mipingo momwe anthu amadziwana. Munthu amene akutapa ndalama samayamba ndi zambiri. Amakaika ku banki zoperewera pang'ono, kapena amachedwetsa za Lolemba n'kuzikwirira ndi za Lachitatu. Chizindikiro chake n'chakuti kusiyanako kumabwera mwezi ndi mwezi, kumbali ya zolandira, ndipo masiku a pa silipi amatalikirana ndi a pa risiti. Mukaona zotere, phatikizani marisiti a tsiku lililonse muwafanizire ndi silipi ya tsikulo. N'chifukwa chakenso wolandira ndalama asakhale yemweyo woyanjanitsa mabuku. Izi zimatetezanso kalaliki wosalakwa, chifukwa pakasowa kanthu mapepala amamuyankhulira.

Ngati lipoti likufunika lero ndipo simunapeze, ikani ndalamayo poonekera pa pepala loyanjanitsira kuti "sinadziwike", lembani tsiku ndi zomwe mwayesa kale, ndipo wamkulu wanu asainire. Ikafika potsekedwa osapezeka, chilolezo chichokere kwa iye molemba, ndipo pepalalo lisungidwe pamodzi ndi sitetimenti kuti odita akadzabwera adzalipeze.