VPN yalumikizana, koma kompyuta ya ku ofesi sikuyankha

"Koma VPN yalumikizana bwinobwino!" Mawu amenewa ndawamva mpaka makutu kuwawa. Munthu akangoona kuti palembedwa Connected, amaganiza kuti wafika kale pa desiki yake ya ku ofesi. Ayi ndithu. VPN yangokufikitsani pachipata. Kuti Remote Desktop, pulogalamu yogwiritsira ntchito kompyuta ya ku ofesi muli kutali, itseguke, uthenga wanu uyenera kupeza njira yopita ku kompyuta ija, upeze poti 3389, khomo limene Remote Desktop imalowera, ili yotsegula, kenako kompyutayo ivomere kuti ndinudi. Chimodzi chikalephereka, inu mumangoona zofanana: sizikutheka.

Musayambe ndi `ping`, lamulo loyesera ngati kompyuta ina ikuyankha. Makompyuta ambiri a Windows sayankha `ping` ngakhale ali bwinobwino, ndiye mungodzisokoneza. Tsegulani PowerShell, mufunse poti yeniyeniyo:

```
Test-NetConnection 192.168.1.40 -Port 3389
```

Ikani adiresi ya kompyuta yanu ya ku ofesi m'malo mwa iyi. Mukaona `TcpTestSucceeded : False`, siyani kulimbana ndi pasiwedi, chifukwa simunafike n'komwe pamene amafunsa pasiwedi.

Pali nkhani ina imene imandiwawabe mumtima. Mayi wina wowerengera ndalama anataya masiku atatu kumapeto kwa mwezi, malipiro a antchito akudikira. Anasintha pasiwedi kawiri, anachotsa pulogalamu ya VPN n'kuikanso, koma osaphula kanthu. Atandipeza ndinawapempha kuti alembe `ipconfig`. Laputopu yawo kunyumba inali ndi adiresi 192.168.1.23, pamene kompyuta ya ku ofesi inali 192.168.1.40. Nambala zitatu zoyambirirazo zinali zofanana, ndipo vuto lonse linagona pamenepo. Marauta ambiri a m'nyumba amabwera atayikidwa kale pa 192.168.1 kapena 192.168.0, ndipo maofesi ena ang'onoang'ono sasintha zimenezi. Choncho laputopu inkaona ngati kompyuta ya ku ofesi ili m'nyumba momwemo. Inkaiitana pa netiweki ya pakhomo, osatumiza kalikonse mu VPN. Titalemba `route print`, mzere wa 192.168.1.0 unasonyeza `On-link` kudzera pa adiresi ya kunyumba ija. Tinalowa mu rauta yawo, tinasintha manambala kukhala 192.168.57, laputopu inalandira adiresi yatsopano, ndipo Remote Desktop inatseguka nthawi yomweyo. Ntchito ya mphindi khumi! Mukafuna kudziwa msanga ngati vuto lanu ndi lomweli, lumikizani laputopu ku intaneti ya pafoni n'kuyesanso. Zikatheka pamenepo, kayang'aneni manambala a rauta ya kunyumba.

Njira ikakhala yolondola koma poti osayankhabe, mwina kompyuta ya ku ofesi yagona tulo kapena yalandira adiresi ina. Mwinanso chitetezo cha Windows Defender Firewall chikungolola makompyuta a mu ofesi momwemo, pamene obwera kudzera mu VPN amapatsidwa manambala a gulu lina. Izi angakonze ndi woyang'anira netiweki, osati inu muli kunyumba.

Nanga mukaona `True` koma kulowa kukukanikabe? Apo ndiye tiyang'ane dzina ndi chilolezo. Lembani dzina lonse monga `DOMAIN\dzina`, pamene `DOMAIN` ndi dzina la netiweki ya kampani yanu, chifukwa mukalemba dzina lanu lokha, nthawi zina laputopu imaliphatikiza ndi dzina lake lomwe. Akaunti yanu iyeneranso kukhala m'gulu la Remote Desktop Users, kapena la oyang'anira kompyutayo. Pasiwedi ikatha nthawi, chitetezo chotsimikizira kuti ndinudi musanalowe, chotchedwa Network Level Authentication, chimakukanirani pakhomo pomwepo osakupatsani mpata woisintha, ndiye muyenera kuisintha kudzera njira ina. Uthenga wa vuto wokhala ndi mawu akuti CredSSP unafala mu 2018 Microsoft itatseka chibowo china cha chitetezo, ndipo tanthauzo lake n'lakuti kompyuta imodzi mwa ziwirizo yatsalira pa zokonza zatsopano. Mankhwala ake ndi kuiikira zokonzazo.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi anthu odzitcha akatswiri amene amathamangira kuzimitsa Network Level Authentication, kapena kusintha makonzedwe a Windows otchedwa `AllowEncryptionOracle` kuti uthenga uja usaonekenso. Chibowo chija amachitsegulanso dala, inu n'kumawathokoza. Mayi aja, asanandipeze, wina anali atawauza kuti angotsegula poti 3389 pa rauta ya ku ofesi kuti azilowa popanda VPN. Mwamwayi anakana. Poti imeneyi ikangoonekera pa intaneti, mapulogalamu a akuba amaipeza n'kuyamba kuyesa mapasiwedi usiku ndi usana, ndipo ndi khomo limene amakonda anthu otsekera mafayilo a kampani n'kumafuna dipo. Mu 2019 kunapezeka chibowo chotchedwa BlueKeep, chimene chinkalola munthu kulanda Windows zakale kudzera pa poti yomweyi popanda pasiwedi, ndipo Network Level Authentication yomwe akukuuzani kuti muzimitseyo ndi imene inkathandiza kutchinga.

Chonde, musadikire masiku atatu. Mukamaimbira woyang'anira netiweki, muuzeni zimene `Test-NetConnection` yayankha, adiresi ya laputopu yanu, ndi mawu enieni a uthenga umene waonekera, osangoti "zakanika".