Kuyamika kaye si mankhwala

"Akuti podzudzula wantchito watsopano uziyamba ndi kumuyamika, ubise vuto pakati, umalizenso ndi kuyamika. Si choncho kodi?"

Ayi, achimwene. Njirayi imalephera pawiri. Wina amangomva zoyamikazo n'kuiwala vuto. Wochenjera amazolowera, moti mukangoti "mwachita bwino" mtima umayamba kugunda podikira "koma".

Tinene kuti kalaliki watsopano pa sitolo ya mbewu ku Ulongwe, m'dziko la Mozambique, walemba matumba a feteleza amene atuluka, koma m'kaundula sanaike tsiku kapena nambala ya lisiti. Muitaneni pambali tsiku lomwelo, makasitomala asakumva. Tsegulani tsambalo, lozani mzere weniweniwo: "Apa palibe tsiku. Mwezi ukatha, meticais a m'kabati akapanda kugwirizana ndi katundu, sitidzadziwa poyambira kufufuza." Mukatero mwadzudzula mzere, simunamutche wosasamala.

Kenako funsani: "Kodi munauzidwa kuti muzilemba motani?" Nthawi zambiri palibe amene anamuonetsa. Lembani mzere umodzi iye akuona, wachiwiri alembe yekha, zolakwa zina zidikire.

Akangoti "chabwino, bwana" maso ali pansi, ndi ulemu chabe umenewo; kaundula wa mawa ndiye adzakuuzeni ngati anamva. Akalemba bwino, muyamikeni pamenepo, potchula chimene wakonza.