Mkangano wa Miranda ndi Jack: momwe gemu imawerengera khalidwe la wosewera

Anthu ambiri amene anasewera Mass Effect 2, gemu imene kampani ya BioWare inatulutsa mu 2010, amakumbukira nthawi imene Miranda ndi Jack anatsala pang'ono kumenyana m'chombo cha Normandy, ndipo iwo, posewera monga Shepard, mtsogoleri wa chombocho ndi wa awiriwo, anapeza kuti mawu amene akanathetsa mkanganowo akuoneka pasikirini koma ndi otuwa, sakutheka kusankhidwa. Chochitika chimenechi chimaonetsa bwino momwe dongosolo la zisankho za khalidwe limagwirira ntchito, chifukwa zimene zimatsekereza mawuwo sizichitika m'chipindamo, koma zimakhala zitaunjikana pang'onopang'ono kuyambira pamene gemuyo inayamba.

M'gemuyi muli miyeso iwiri yosiyana. Paragon, wa mtundu wobiriwira ngati thambo, umakwera Shepard akamachita zinthu mwachifundo ndi mokambirana, pamene Renegade, wofiira, umakwera akamaopseza anthu kapena kudula njira mwankhanza kuti ntchito itheke. Miyesoyi siilandana mapointi, kotero kuti kuchita nkhanza lero sikufafaniza chifundo cha dzulo. Ntchito yake yaikulu ndi kutsegula mawu apadera pokambirana, obiriwira onyengerera ndi ofiira oopseza, ndipo mawu amenewa nthawi zambiri ndiwo amapatsa wosewera zonse ziwiri pamalo pamene akanayenera kutaya chimodzi.

Anzake a Shepard, komabe, sayang'ana miyeso imeneyi mwachindunji. Aliyense ali ndi chizindikiro chake chimene chimangonena kuti ndi wokhulupirika kapena ayi, popanda za pakatikati, ndipo chimayaka wosewera akamuthandiza kuthetsa nkhani yake ya kumtima pa ulendo wapadera. Jack anakulira m'nyumba yofufuzira ya gulu la Cerberus pa dziko la Pragia, kumene ankamuzunza ali mwana pofuna kukulitsa mphamvu zake, ndipo ulendo wake ndi wokaphulitsa nyumbayo. Miranda ndi mmodzi wa akuluakulu a gulu lomwelo la Cerberus, ndipo ulendo wake ndi wokapulumutsa mng'ono wake. Maulendo awiriwa akangotha, gemu imayambitsa mkangano: Jack akufuna Miranda avomere kuti zimene Cerberus inamuchitira zinali zoipa, Miranda akukana. Amene waikira kumbuyo mmodzi amataya kukhulupirika kwa winayo, pokhapokha atakhala ndi Paragon kapena Renegade wokwanira kuwaletsa onse awiri.

Mawu akuti wokwanira ndiwo amasokoneza anthu. Monga gemuyi inatulukira mu 2010, siiwerenga mapointi amene munthu ali nawo okha, koma imawayerekeza ndi mapointi onse a mtunduwo amene akanatha kupeza m'malo amene wafikamo kale. Tiyerekeze, ndi manambala ongopeka pofuna kumveketsa, kuti pofika pa mkanganowo panali mapointi 100 a Paragon ndi 100 a Renegade oti munthu atole. Wosewera amene wakhala akusankha mawu obiriwira nthawi zonse angakhale ndi 85 a Paragon, ndipo mawu othetsa mkangano amamutsegukira. Wina amene ankalingalira nkhani iliyonse payokha, kuchitira chifundo wosalakwa ndi kukalipira chigawenga, angakhale ndi 50 uku ndi 45 uko. Onse pamodzi ndi ochuluka kuposa a mnzake uja, koma palibe muyeso umene wafika pofunika, choncho mawu onse awiri amakhala otuwa. Ndiponso munthu akamayendera malo ambiri osatola mapointi onse a mbali imodzi, gawo lake limatsika, n'chifukwa chake mkangano womwewo ungakhale wovuta kwambiri ukafika mochedwa.

Kwa ine ichi ndicho chilema chachikulu cha dongosololi. Gemu imene imalonjeza kuti munthu aziweruza yekha chabwino ndi choipa imathera pomulipira amene wasiya kuweruza n'kumangotsata mtundu umodzi. Wosewera angadziwe kuti wagwa m'msampha umenewu pamene wayamba kuyang'ana malo amene mawu ali pagudumu la zokambirana, pamwamba pa achifundo kapena pansi pa ankhanza, asanawerenge zimene mawuwo akunena. Opanga gemuyi anasintha zimenezi mu Mass Effect 3 ya 2012, mmene mapointi a mbali zonse ziwiri amaphatikizidwa kukhala mbiri imodzi yotsegulira mawu apadera.

Zotsatira za chizindikiro cha kukhulupirika chija zimaonekera pa ulendo womaliza, wokaukira malo a adani otchedwa Collectors. Tinene kuti wosewera anaikira kumbuyo Miranda, ndipo sanathe kumubweza mtima Jack pambuyo pake, zimene zimafunanso mapointi ambiri. Pa gawo lina la ulendowo pamafunika munthu wamphamvu woti atchinge gulu ku tizilombo touluka, ndipo amene amakwanitsa popanda imfa ndi Jack, Samara kapena Morinth, malinga akhale wokhulupirika. Wosewera akapereka ntchitoyi kwa Jack wosakhulupirika, chotchingacho chimalephera kumapeto, ndipo amene amatengedwa ndi tizilomboto si Jack, koma mmodzi mwa anzake awiri amene Shepard wayenda nawo. Munthu amene sanali nawo n'komwe pa mkangano uja angafe chifukwa cha mawu amene anali otuwa maola ambiri m'mbuyomo. Akamutenganso Jack yemweyo ku nkhondo yotsiriza, Jack sapulumuka, ndipo anzake opulumuka akachepera awiri, Shepard nayenso amafa.

Tisaiwale kuti si imfa zonse zimene zimachokera ku khalidwe. Jack amafa chombo chisanatere ngati wosewera sanagule chitsulo cholimbitsa khungu la Normandy, ngakhale akhale wokhulupirika chotani. Pofufuza chimene chalakwika, ndi bwino kufunsa mafunso atatu motsatana: kodi chombo chinakonzedwa, kodi ntchito inapatsidwa kwa woidziwa, ndipo kodi munthuyo anali wokhulupirika.

Njira ina yomangira dongosolo lotere ikuoneka mu Dragon Age: Origins, imene kampani yomweyo inatulutsa mu 2009. M'menemo mulibe muyeso umodzi wa khalidwe la wosewera, koma mnzake aliyense ali ndi muyeso wake wosonyeza mmene akukondwera naye, kotero kuti kuthandiza osauka kungasangalatse Leliana n'kukwiyitsa Morrigan pa nthawi imodzi. Palinso zochita zina zimene muyesowo sungaphimbe: wosewera akadetsa phulusa lopatulika la mneneri wamkazi wa m'gemuyo, Andraste, mnzake wina wotchedwa Wynne amamuukira pomwepo ngati ali naye, ndipo ngati anatsala ku msasa amachoka m'gulu. Njira imeneyi imapatsa anzakewo chikumbumtima chawochawo, ngakhale ili ndi chibowo chake, poti mphatso zimakweza muyesowo, ndipo munthu angakhumudwitse mnzake pa nkhani yaikulu kenako n'kumugula ndi mkanda.

Mu Mass Effect ngongole ya mkangano imatha kuwoloka mpaka ku gemu yotsatira kudzera m'fayilo yosungira. Tali ndi Legion, anzake ena awiri a Shepard, alinso ndi mkangano wofanana ndi wa Miranda ndi Jack, ndipo mu Mass Effect 3 mtendere pakati pa mtundu wa Tali ndi makina a geth, amene Legion ndi mmodzi wa iwo, umatheka pokhapokha onse awiri atapulumuka ulendo womaliza uja. Kuthetsa mkangano wawo popanda kukondera ndi chimodzi mwa zinthu zimene gemu yachitatuyo imawerenga posankha ngati mawu obweretsa mtendere atseguke kapena akhale otuwa.